Katundu kumanzere, mtengo kumanja: kawerengedwe ka mapeya a ndalama ndi mapipu

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inalengeza kuti mtengo wa dola imodzi ya ku Amerika wachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Nyuzipepala ndi mawailesi zinati kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Koma munthu amene anali ndi K100,000 m'thumba akanati awerengere m'madola, akanapeza nambala ina. Chilengezo chisanatuluke, ndalama zakezo zikanamugulira madola pafupifupi 85. Chitatuluka, zikanamugulira madola 59 okha. Madola 26 omwe anasowawo, pa 85, ndi 31 peresenti.

Ndiye kwacha inagwa ndi 44 kapena ndi 31? Nambala zonse ziwirizi n'zoona, kungoti zikuyankha mafunso awiri osiyana. Mukafunsa kuti dola yakwera mtengo motani m'makwacha, yankho lake ndi 44 peresenti. Mukafunsa kuti kwacha yatsika mtengo motani m'madola, yankho lake ndi 31 peresenti. Zonse zikudalira kuti pa ndalama ziwirizi, ndi iti yomwe mwaitenga ngati katundu, ndi iti yomwe mukuyezera mtengo.

N'chifukwa chake msika wa ndalama zakunja, umene ambiri amangouti foreksi, sulola kuti aliyense azitchula mtengo mmene wafunira. Unagwirizana kalembedwe kamodzi, ndipo kuchokera m'kalembedwe kameneko munabadwa kamuyezo kakang'ono kotchedwa pipu. Amene wamvetsa ziwirizi amawerenga bolodi la kubanki mosasokonezeka, ndipo akamva wina akudzitama kuti wapha mapipu 300 lero, amadziwa funso loyenera kumufunsa.

Ndalama ilibe mtengo payokha

Pamsika, thumba la chimanga mtengo wake timautchula m'makwacha. Thumba limakhala limodzi nthawi zonse, chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa makwacha. Wogulitsa sakuuzani kuti kwacha imodzi ikugula timbewu tingati ta chimanga, ngakhale kuti masamu ake angatheke. Pa malonda a ndalama vuto n'lakuti mbali zonse ziwiri ndi ndalama, ndiye sizidziwikiratu kuti thumba ndi liti, malipiro ndi ati. Pamafunika kuti anthu apangane.

Pangano lake ndi ili. Ndalama ziwiri zimalembedwa moyandikana, chimene amalonda amachitcha peya, ndipo iliyonse imaimiridwa ndi zilembo zitatu za mndandanda wa dziko lonse wa ISO 4217. Kawirikawiri zilembo ziwiri zoyamba zimaimira dziko, chachitatu chimaimira dzina la ndalama: USD ndi dola ya ku Amerika, MWK ndi kwacha ya Malawi, ZAR ndi randi ya ku South Africa, GBP ndi paundi ya ku Mangalande, JPY ndi yeni ya ku Japan. Ndalama yolembedwa kumanzere, imene amalonda amaitcha besi, ndiyo katundu, ndipo nthawi zonse imakhala imodzi yokha. Yolembedwa kumanja, imene amaitcha kwoti, ndiyo yolipirira. Nambala yotsatira ikunena kuchuluka kwa ndalama yakumanja yomwe ikufunika kuti mugule imodzi yakumanzere.

Choncho mukaona EUR/USD 1.0850, werengani kuti yulo imodzi ikugulidwa ndi dola imodzi ndi masenti asanu ndi atatu ndi theka. USD/JPY 150.20 ndiye kuti dola imodzi ikugulidwa ndi mayeni 150.20. USD/MWK 1,700 ndiye kuti dola imodzi ikugulidwa ndi makwacha 1,700. Kamzere kapakati kaja kamasokoneza ophunzira masamu, chifukwa amakatenga ngati chizindikiro chogawira n'kuganiza kuti USD/MWK ndi madola pa kwacha iliyonse. Ayi, ndi makwacha pa dola iliyonse.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimatsatira pamenepa. Choyamba, nambala ikakwera ndiye kuti ndalama yakumanzere yakwera mtengo ndipo yakumanja yafooka. N'chifukwa chake mzere wa USD/MWK ukamakwera pa chithunzi, si uthenga wabwino kwa amene amalandira malipiro ake m'makwacha. Chachiwiri, mawu oti kugula ndi kugulitsa amanena za ndalama yakumanzere basi. Wogula EUR/USD akutenga mayulo n'kupereka madola. Wogulitsa USD/JPY akupereka madola n'kutenga mayeni. Ngakhale kukula kwa malondawo kumawerengedwa m'ndalama yakumanzere: amene wagula 10,000 pa EUR/USD wagula mayulo 10,000, osati madola.

Ndani amakhala kumanzere

Masamu sasankha. Mtengo uliwonse mungautembenuze pogawa 1 ndi nambala yake, n'kupeza mtengo womwewo wowonedwa kuchokera mbali inayo. Chimene chimasankha ndi chizolowezi cha msika, ndipo chizolowezicho chili ndi ndondomeko yodziwika: yulo poyamba, kenaka paundi, dola ya ku Australia, dola ya ku New Zealand, dola ya ku Amerika, dola ya ku Canada, furanki ya ku Switzerland, yeni pomaliza. Ndalama ziwiri zikakumana, yomwe ili patsogolo pa mndandandawu ndiyo imakhala kumanzere. N'chifukwa chake pali EUR/GBP, GBP/USD, USD/CHF ndi CHF/JPY, osati mosemphana.

Ndondomekoyi inachokera m'mbiri. Dola isanalamulire malonda a dziko lonse, paundi ndiyo inali ndalama yaikulu, ndipo amalonda a ku London ndi ku New York ankatchula mtengo wake m'madola. Panalinso chifukwa cha masamu. Kufikira pa 15 Febuluwale 1971, paundi imodzi inali ndi masheleni 20, ndipo sheleni imodzi inali ndi mapeni 12, ndalama zomwe agogo athu akuzikumbukira bwino popeza Zambia inazisiya mu 1968 ndipo Malawi mu 1971. Pakati pa 1949 ndi 1967 paundi inali pa madola 2.80. Imeneyo ndi nambala yosavuta kulemba ndi kuchulukitsa. Kutembenuza mtengo womwewo kukanapereka dola imodzi pa masheleni 7, peni imodzi ndi kachidutswa ka peni, zomwe kalaliki aliyense akanatopa nazo. Australia ndi New Zealand nawo ankagwiritsa ntchito mapaundi awo kufikira 1966 ndi 1967, ndipo atasinthira ku madola anasunga malo awo a kumanzere.

Ndalama zina zambiri zinazolowera kuyezedwa ndi dola pambuyo pa mgwirizano wa ku Bretton Woods wa 1944, umene unamangirira ndalama za mayiko ku dola, dolayo n'kuimangirira ku golide. Dongosololo linayamba kugwa mu Ogasiti 1971 pomwe Pulezidenti Richard Nixon analetsa kusinthitsa madola ndi golide, koma chizolowezi chotchula mtengo wa dola imodzi chinatsala. Mpaka lero dola ili pakati pa msika: kafukufuku wa Bank for International Settlements wa mu Epulo 2022 anapeza kuti malonda a foreksi ankafika madola 7.5 thililiyoni patsiku, ndipo dola inali mbali imodzi ya malonda 88 mwa 100 aliwonse. Yulo inabwera mochedwa, pa 1 Januwale 1999, ndipo inaikidwa patsogolo pa zonse kuyambira tsiku loyamba. Banki yaikulu ya ku Ulaya imafalitsa mitengo yake ya tsiku ndi tsiku yulo ili kumanzere.

Kukhala kumanzere sikutanthauza kukhala ndalama yamphamvu. Mu 2000, komanso mu 2022, yulo inatsika kufika pochepera dola imodzi koma peyayo inakhalabe EUR/USD. Dinari ya ku Kuwait imaposa madola atatu, komabe pamsika imalembedwa USD/KWD. Kwa ndalama ngati kwacha yathu, chizolowezichi chimatithandiza: pa K1,700, kwacha imodzi ndi madola 0.000588, nambala yomwe palibe angaisunge m'mutu.

Udindo wa dola umaonekanso pa mapeya omwe mulibe dola. Amene ali ku Joni akamatumiza ndalama kumudzi, mtengo wa randi m'makwacha kawirikawiri umachokera m'mitengo iwiri ya dola. Ngati USD/MWK ili pa 1,750 ndipo USD/ZAR ili pa 18.50, gawani 1,750 ndi 18.50, mupeza kuti randi imodzi ndi makwacha pafupifupi 94.6. Mtengo umenewu ungasinthe ngakhale ku Malawi kusanachitike kanthu, pokhapokha randi yagwedezeka pamaso pa dola.

Peya imodzi, mitengo iwiri

Bolodi la kubanki kapena la pamalo osinthira ndalama limaonetsa nambala ziwiri pa ndalama iliyonse. Zonse zinalembedwa kuchokera kumbali ya mwini bolodi, ndipo zonse zikunena za ndalama yakumanzere. Nambala yaing'ono ndi mtengo umene iye akugulira dola kwa inu. Yaikulu ndi mtengo umene akukugulitsirani. Tiyerekeze kuti walemba 1,720 ndi 1,750. Mukabwera ndi madola 100 mulandira K172,000. Mukasintha maganizo pakhomo n'kubwerera kuti muwagulenso, mulipira K175,000. Mpata wa K3,000 umenewo ndiwo phindu lake.

Pa foni ya wochita foreksi mitengo iwiriyi imalembedwa Bid ndi Ask. Mukagulitsa mumalandira Bid, yomwe ndi yaing'ono, ndipo mukagula mumalipira Ask, yomwe ndi yaikulu. Choncho malonda aliwonse amayamba ali kale pa kaluza kochepa, kofanana ndi mpatawo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mapeya aakulu mpata umakhala waung'ono kwambiri, mwachitsanzo 1.0850 ndi 1.0852. Kusiyana kotere sikukwana ngakhale senti imodzi, ndiye kunafunika muyezo wakewake wotchulira. Muyezo umenewo ndiye pipu.

Pipu n'chiyani

Pipu ndi sitepe imodzi ya nambala yachinayi pambuyo pa kadontho, kutanthauza 0.0001 ya ndalama yakumanja. EUR/USD ikachoka pa 1.0850 n'kufika pa 1.0851, yayenda pipu imodzi. Ikafika pa 1.0950, yayenda mapipu 100, omwe ndi senti imodzi yathunthu. Mpata wa pakati pa 1.0850 ndi 1.0852 ndi mapipu awiri.

Mapeya omwe yeni ili kumanja ali ndi lamulo lawo: pipu ndi nambala yachiwiri pambuyo pa kadontho, 0.01. Chifukwa chake n'chomveka. Yeni imodzi ndi ndalama yaing'ono, yosakwana ngakhale senti imodzi ya ku Amerika pa mtengo wa 150, ndiye mtengo wa dola umakhala m'mazana. Kuyenda kuchoka pa 150.20 kufika pa 150.21 n'kofanana kukula kwake ndi kuchoka pa 1.5020 kufika pa 1.5021. Kadontho kokha ndiko kasuntha.

Kuti mupeze kuchuluka kwa mapipu, chotsani mtengo wina pa unzake, zotsalazo muzigawe ndi kukula kwa pipu. Koma kudziwa kuti msika wayenda mapipu angati sikunakuuzeni kuti mwapindula kapena mwaluza zingati. Pipu imasanduka ndalama mukaichulukitsa ndi kuchuluka kwa katundu amene mwagula:

mtengo wa pipu = kukula kwa pipu × kuchuluka kwa ndalama yakumanzere

Yankho limatuluka m'ndalama yakumanja nthawi zonse. Ichi ndiye chinthu chofunika kuchigwiritsa pa nkhani yonseyi, ndipo n'chosavuta kuchimvetsa: katundu wanu sanasinthe, mayulo 10,000 akadali 10,000, chimene chasintha ndi madola omwe wina angakupatseni pa mayulowo.

Kuchuluka kwa malonda kumayezedwa m'maloti. Loti yathunthu ndi 100,000 ya ndalama yakumanzere, ndipo pa pulogalamu monga MetaTrader imalembedwa 1.00. Loti ya 0.10 ndi 10,000, ndipo ya 0.01 ndi 1,000. Pa EUR/USD, loti yathunthu imapereka 0.0001 kuchulukitsa ndi 100,000, omwe ndi madola 10 pa pipu. Loti ya 0.10 imapereka dola imodzi, ya 0.01 imapereka masenti 10.

Akaunti imodzi, mapeya atatu

Titenge mayi amene ali ndi akaunti ya madola ndipo nthawi zonse amachita malonda ndi loti ya 0.10. Mitengo yonse ili m'munsiyi ndi yongoyerekezera.

Tsiku loyamba akuona EUR/USD ili pa Bid 1.0850 ndi Ask 1.0852, ndipo akugula. Walipira mtengo wa Ask, ndiye mayulo ake 10,000 amudyera madola 10,852. Madzulo mtengo wakwera, Bid yafika pa 1.0887, ndipo akugulitsa. Kuchotsa 1.0852 pa 1.0887 kukutsala 0.0035, ndiwo mapipu 35. Pipu iliyonse ndi dola imodzi, choncho wapindula madola 35. Mungatsimikize popanda kutchula pipu n'komwe: mayulo 10,000 pa 1.0887 ndi madola 10,887, kuchotsapo 10,852 kutsala 35. Onaninso kuti Bid yayenda mapipu 37, kuchoka pa 1.0850, koma awiri apita ku mpata uja. Apa zinthu zaphweka chifukwa ndalama yakumanja ndi yomweyo ya akaunti yake, ndipo mtengo wa pipu susintha ngakhale msika upite kuti.

Tsiku lachiwiri akugula USD/JPY pa 150.20 n'kugulitsa pa 150.65. Kusiyana ndi 0.45, ndipo kugawa ndi 0.01 kukupereka mapipu 45. Mtengo wa pipu ndi 0.01 kuchulukitsa ndi 10,000, omwe ndi 100. Koma 100 ameneyu ndi mayeni, popeza yeni ndiyo ili kumanja. Phindu lake ndi mayeni 4,500, ndipo ayenera kusinthidwa kuti alowe mu akaunti ya madola. Dola imodzi ikugulidwa ndi mayeni 150.65, ndiye tigawa 4,500 ndi 150.65, tipeza madola 29.87. Mapipu achuluka kuposa dzulo, 45 m'malo mwa 35, koma ndalama zachepa, chifukwa pipu iliyonse pano ndi masenti 66 okha. Mtengo umenewunso sukhazikika: USD/JPY itatsika kufika pa 125, mayeni 100 omwewo angakhale masenti 80.

Tsiku lachitatu akugulitsa EUR/GBP pa 0.8550, poyembekezera kuti yulo itsika. M'malo mwake yakwera, ndipo akutseka malondawo pogula pa 0.8580. Waluza mapipu 30. Pipu ndi 0.0001 kuchulukitsa ndi 10,000, yomwe ndi paundi imodzi, ndiye waluza mapaundi 30. M'peyayi mulibe dola, choncho tifunika peya yachitatu yosinthira. Ngati GBP/USD ili pa 1.2700, paundi iliyonse ndi madola 1.27, ndipo mapaundi 30 ndi madola 38.10.

Tsopano phatikizani masiku atatuwa. M'mapipu, mayiyu wapeza 35 ndi 45, waluza 30, watsala ndi 50. Amene amaganiza kuti pipu iliyonse ndi dola anganene kuti wapindula madola 50. Zoona zake ndi 35 kuphatikiza 29.87 kuchotsa 38.10, omwe ndi madola 26.77, pafupifupi theka la zomwe mapipu akuonetsa.

Funso loti pagawidwe kapena pachulukitsidwe limayankhidwa ndi kalembedwe ka peya komweko. Yang'anani peya yomwe mukusinthira. Ngati ndalama ya akaunti yanu ili kumanzere, monga dola mu USD/JPY, gawani. Ngati ili kumanja, monga dola mu GBP/USD, chulukitsani. Mukakayika, dzifunseni ngati yankho likumveka: mayeni 100 sangakhale madola 15,000.

Pomwe anthu amaphonya

Kuphonya koyamba kumabwera ndi nambala yachisanu. Makampani ambiri masiku ano amaonetsa mitengo ngati 1.08523, kapena 150.204 pa yeni. Nambala yomalizayo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a pipu. Kuchoka pa 1.08523 kufika pa 1.08871 ndi mapipu 34.8, osati 348. Mapulogalamu ena amawerengera m'timagawo timeneti, ndiye munthu akhoza kulemba 40 poganiza kuti waika malire otsekera malonda pa mtunda wa mapipu 40, pomwe waika pa mapipu anayi okha. Chizindikiro chake ndi malonda otsekeka patangopita kanthawi msika usanayende n'komwe. Werengani manambala a pambuyo pa kadontho musanachite chilichonse: akakhala asanu, kapena atatu pa yeni, pipu ndi yachiwiri kuchokera kumapeto.

Kuphonya kwachiwiri n'kuyerekeza mapipu a mapeya osiyana. USD/ZAR ili pa 18.5000 ikayenda 1 peresenti, yayenda mapipu 1,850. EUR/USD ili pa 1.0850 ikayenda 1 peresenti yomweyo, yayenda mapipu 108 okha. Pa loti ya 0.10, pipu ya USD/ZAR ndi randi imodzi, pafupifupi masenti asanu a ku Amerika, ndiye mapipu 1,850 ajawo ndi madola pafupifupi 100, osatalikirana ndi madola 108 a peya inayo. Wina akakuonetsani chithunzi cha mapipu masauzande kuti mumulipire akuphunzitseni, mufunseni kuti ndi peya iti, ndi loti yaikulu bwanji, ndi ndalama zingati zomwe anaika pachiswe. Popanda mayankho atatuwa, nambala ya mapipu siikuuzani kanthu za luso lake.

Kuphonya kwachitatu ndi komwe kumathetsa maakaunti. Makampani amalola munthu kugwira malonda aakulu kuposa ndalama zomwe wasungitsa, chimene amachitcha levareji. Levareji sisintha mtengo wa pipu ngakhale pang'ono. Imangochepetsa chikole chomwe kampani ikufuna kuti mutsegule loti. Munthu wa madola 500 amene kampani yamulola kutsegula loti ya 1.00 pa EUR/USD wagwira mayulo 100,000, ndipo pipu iliyonse ndi madola 10. Mapipu 50 omutsutsa akwana kumaliza ndalama zake zonse, ndipo EUR/USD imayenda mtunda wotere pa tsiku wamba. Pakati pa 0.10 ndi 1.00 pangosiyana malo a kadontho, koma chiopsezo chachuluka kakhumi.

Ndiye odziwa ntchitoyi amawerenga mobwerera. Amayamba ndi ndalama zomwe angalole kutaya, tinene madola 10 pa akaunti ya 500. Kenaka amaona mtunda umene adzatsekere malonda akalakwika, tinene mapipu 40. Madola 10 kugawa ndi 40 ndi masenti 25 pa pipu. Popeza loti ya 0.01 imapereka masenti 10 pa EUR/USD, loti yoyenera ndi 0.02, ndipo 0.03 yapitirira kale malire. Kukula kwa loti kumakhala yankho la masamu, sikukhala chinthu chosankha mwa kufuna.

Ngakhale masamu amenewa ali ndi malire ake. Amaganizira kuti mtengo umayenda sitepe ndi sitepe, n'kudutsa pamalo pomwe mwaika malire anu. Nthawi zina umadumpha. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kutchinjiriza mtengo wa 1.2000 pa EUR/CHF, umene inaugwira kuyambira mu 2011. M'mphindi zochepa yulo inatsika kufika pochepera furanki imodzi, mapipu opitirira 2,000, ndipo panjira panalibe wogula. Anthu omwe anawerengera kuluza mapipu 40 anatsekeredwa malonda kutali kwambiri ndi pomwe anafuna, ena n'kutsala ndi ngongole, ndipo kampani ya Alpari ya ku Mangalande inagwa. Mu 2018, bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya la ESMA linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba pa malonda a mtundu umenewu amaluza, ndipo linaika malire a levareji pa 30 kwa 1 pa mapeya aakulu.

Zomwe wosachita foreksi angatengepo

Anthu ambiri sadzatsegula loti, koma amasintha ndalama: wamalonda wopita kukapikula katundu, kholo lolipira fizi kunja, banja lolandira thandizo kuchokera kwa mwana wawo. Kawerengedwe kake ndi komweko. Pa kwacha anthu satchula mapipu, chifukwa mtengo wake suyenda timasitepe ta pa sekondi iliyonse monga mapeya aakulu, koma mpata mungauyeze m'maperesenti. Pa bolodi lija la 1,720 ndi 1,750, mpata wa K30 ndi 1.7 peresenti ya mtengo. Pa EUR/USD, mpata wotere ukanakhala mapipu opitirira 180, pomwe amalonda amaona awiri kapena ochepera. Ndiye kampani yotumiza ndalama ikakuuzani kuti silipiritsa kanthu, yerekezani mtengo womwe ikukupatsani ndi wapakatikati pa nambala ziwiri za kubanki. Malipiro ake amabisala pamenepo.

Musanasinthe ndalama kapena kudina batani logulira, tengani cholembera muyankhe mafunso anayi. Kodi katundu ndi ndalama iti? Kodi mtengo wanga ndi uti pa nambala ziwirizi? Kodi sitepe imodzi ikundidyera zingati m'ndalama yomwe ndimagwiritsa ntchito? Nanga ndingapirire masitepe angati? Ngati funso limodzi likukuvutani kuyankha, sungani kaye ndalama zanuzo mpaka masamuwo atatuluka.